Kodi Mungamulembenso Ntchito?

Marlys Tollefson sankanama, ndipo khalidwe limeneli ankalinyadira mpaka kutopetsa nalo anthu. Kasitomala akabwera kunazale yake n'kuloza duwa limene silingapirire chisanu cha kumpoto kwa Minnesota, Marlys ankamuuza pamaso kuti akungodzivutitsa, ndipo ena ankachokadi chimanjamanja. Malemu mwamuna wake, Arne, ankakonda kunena kuti anakwatira mkazi wosatha kuyamikira keke ya mnzake popanda kutchulako kuti yapserera pansi.

Lolemba lina mu February, chipale chofewa chogwa m'nyengo yozizira chili waa pabwalo lonse, Marlys anali m'nyumba yagalasi yoyamba mwa zokulitsiramo mbewu, akufesa mbewu za tomato m'timathireyi. Anamva munthu akupukuta nsapato pakhomo, kawiri phazi lamanja, kawiri lamanzere, ndipo anadziwa mwini wake asanacheuke n'komwe. Munthu mmodzi yekha padziko lapansi ndiye ankapukuta nsapato polowa m'nyumba yodzaza dothi.

Anali Duane Kivela, bambo wazaka makumi asanu, wamtali ndi wowerama pang'ono, chipewa chili m'manja. Anagwira ntchito panazalepo zaka khumi ndi chimodzi, mpaka pamene Marlys anamuchotsa chaka chatha chisanalowe. Chichokereni anali asanapondeponso.

Anapatsana moni. Anakamba za kuzizira, za msewu woterera, za bondo la Marlys, ndipo Duane anayang'ana tomato uja n'kunena kuti adzamera bwino. Nkhani zitatha anatulutsa pepala lopindidwa kanayi m'thumba la jekete. Sukulu yapulaimale ya m'tauni mwawo inkafuna munthu wosamalira nyumba zake: kutsegula zitseko m'mawa, kukolopa, kukankha chipale pamakomo ana asanafike, ndi kuyang'anira boyila yotenthetsa makalasi. Inali ntchito yokhazikika, ya inshulansi yakuchipatala ndi penshoni, ndiponso yoyenda wapansi kuchokera kunyumba kwake. Ankafuna makalata awiri a umboni. Ina anali atalemba kale abusa ake.

"Ndimati ndipemphe kaye ndisanalembe dzina lanu," anatero Duane, maso ali pachipewa. "Akufuna ya munthu amene anandionapo ndikugwira ntchito. Ngati simungathe, palibe mlandu, ndimvetsa."

"Iwe Duane, ndani wati sindingathe? Ifike liti?"

Inkafunika Lachisanu. Anafotokozanso kuti akusukuluwo adzatumiza fomu ya mafunso paimelo, mwinanso kuimba foni. Atatero anavala chipewa nauyamba wakunja. Pakhomo anaima pang'ono, n'kuponya diso pakachipangizo koyezera kutentha kamene kanapachikidwa pamsomali, monga ankachitira kale, kenako anatuluka.

Marlys anatsala ali chiimire, mbewu zili m'manja. Zoona zake n'zakuti kwa milungu isanu ndi umodzi anakhala akufuna kumuimbira Duane yemweyo, koma manyazi ankamugwira dzanja.

Nkhani yake inayenda motere. Arne atamwalira, Marlys anatseka nyumba zagalasi ziwiri mwa zisanu, ndipo patapita nthawi anaona kuti angasunge wantchito wokhazikika mmodzi yekha. Anali ndi awiri: Duane ndi Brandt Ellingboe. Brandt anali munthu wa sukulu yake, wodziwa mayina onse a maluwa m'Chilatini, wolankhula mokoma moti mayi wobwera kudzagula kaphika kamodzi ankabwerera galimoto itadzaza. Anaika timakina m'nyumba zagalasi kuti kutentha kuzioneka pafoni. Marlys sanaganize nthawi yaitali. Anasunga Brandt, ndipo Duane anamuuza mawu ochepa tsiku lina masana pafupi ndi mulu wa manyowa. Duane anangoti wamva, n'kumalizitsa kaye kuthirira mzere umene anauyamba.

Brandt anakhala chaka chimodzi. Khirisimasi itangodutsa anapeza ntchito yaikulu ku Colorado ndipo anatsanzika pa uthenga wa pafoni. Timakina take tinatsala tikulira pafoni imene inapita naye. Kuyambira pamenepo Marlys, ndi zaka zake makumi asanu ndi limodzi mphambu zisanu ndi chimodzi, ndiye ankatsika masitepe a kuchipinda cha boyila m'mawa uliwonse, bondo likuchita ngati muli mchenga. Nyengo yofesa inali itayamba, ndipo panalibe munthu wina amene ankamufuna koposa Duane.

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe, anakhala pakompyuta m'kaofesi kake. Analemba tsiku, dzina la nazale, ndi mawu oti "Kwa a komiti yolemba antchito." Apa mutu unaima.

Kodi Duane akanamulembera zotani? Sanali katswiri pa chilichonse. Ankagwira ntchito mwapang'onopang'ono, moti pamene ena aika mbande zana m'miphika iye amakhala ali pa makumi asanu ndi awiri. Maluwa ankawatchula ndi mitundu: achikasu aja, ofiira aatali aja. Kasitomala akamufunsa kanthu, yankho lake linali limodzi, loti sakudziwa, afunse Marlys. Ukamutuma kusuntha miphika khumi ankasuntha khumi ndendende, wa khumi ndi chimodzi n'kuusiya pakati panjira, chifukwa sunautchule. Geti la kumbuyo analigunda ndi lole kawiri, malo omwewo. Ngakhale chiphaso cha boma choyendetsera boyila anachipeza ulendo wachiwiri, Arne atamukhazika pansi ndi buku milungu itatu. Anali munthu wapakatikati basi, ngati buledi wake wa tchizi ndi apulo amene ankadya masana alionse kwa zaka zonsezo.

Choncho Marlys analemba zimene anaona kuti n'zoona. Analemba kuti Duane Kivela anagwira ntchito panazale yake zaka khumi ndi chimodzi, kuti ankathirira mbewu, kuperekera katundu ndi kuyang'anira boyila, kuti ankafika pa nthawi yake ndiponso anali waulemu. Anamaliza ndi kumufunira zabwino. Inakwana mizere isanu. Anaiwerenga kawiri ndipo sanapezemo bodza ngakhale limodzi, zimene zinamusangalatsa.

Lachiwiri kunabwera mwana wake wamkazi Kirsten, amene ankagwira ntchito mu ofesi yolemba antchito pafakitale ina ya mapepala, ndipo ankadutsira kwa mayi ake kawiri pamlungu kudzaona ngati akumwa mankhwala. Marlys anamupatsa kalatayo monyadira, ngati mwana wosonyeza kope. Kirsten anaiwerenga ataimirira, khofi ali kudzanja lina.

"Amayi, Duane anakulakwirani chiyani?"

Marlys anati palibe, ndipo anamufunsa kuti aloze pamene pali bodza. Kirsten anayankha kuti bodza mulibemo, koma iye makalata otere amawawerenga tsiku ndi tsiku ndipo amadziwa chinenero chake. Masiku ano aliyense amene amalemberedwa kalata amakhala nyenyezi. Wogona pantchito amatchedwa wodekha, wolongolola amatchedwa wodziwa kucheza ndi anthu. Ndiye bwana akangonena kuti munthu ankafika pa nthawi yake, woiwerenga amamva kuti palibe chabwino china chimene chinapezeka. Kalata ya mizere isanu pa zaka khumi ndi chimodzi ili ngati kumukankhira munthu kunja mwaulemu. Kuli bwino mabwana amene amangotsimikiza masiku amene munthu anayamba ndi kusiya poopa milandu, chifukwa aliyense amadziwa kuti limenelo ndi lamulo la kampani chabe.

"Ndiye ukufuna ndilembe kuti anali mngelo?" Marlys anafunsa, mtima utayamba kutentha. "Ine sindinganame chifukwa choti dziko lonse likunama."

Anaganiza pang'ono, n'kunena kuti mwina awonjezere zoti mkazi wa Duane, Lorna, amadwala shuga ndipo banjalo likufunikira inshulansi. Kirsten anapukusa mutu. Anati za matenda a m'banja la munthu sizilowa m'kalata yotere, ngakhale msinkhu wake kapena tchalitchi chake. Kalatayo si yopempha chifundo, ndipo za Lorna mwini wake wozinena ndi Duane ngati akufuna. Choyenera kulembamo ndi chimene Marlys anaona ndi maso ake pantchito, chimene angachibwereze atafunsidwa pafoni.

Kenako Kirsten anaika kapu pansi n'kuyang'ana mayi ake mmene malemu bambo ake ankachitira.

"Akapanda kumutenga kusukuluko, mudzamuimbira kuti abwerere kuno, si choncho?"

Marlys analanda kalatayo, koma Kirsten anapitiriza.

"Ndiye kalata iyi mwalembera sukulu, kapena mwadzilembera nokha?"

Marlys anamuuza kuti asamale pakamwa, kuti khofi amene akumwayo ndi wa m'nyumba mwake, ndi zina zambiri zimene mayi amanena akagwidwa. Kirsten anamupsompsona patsaya n'kupita. Mawu aja anatsala m'chipindamo.

Zinamupweteka chifukwa zinali zoona. Sanakhale pansi n'kukonza chiwembu, ayi. Koma pamene ankalemba mizere isanu ija, pansi pa mtima panali kachiyembekezo koti Duane adzabwera mu March ali khuma, sukulu itatenga wina, ndipo iye adzamulandira ngati akumuchitira chifundo, osafunika kupepesa. Akanabwereranso, zimenezo Marlys sankakayika. Akanabwerera ku ntchito yopanda inshulansi, ya bwana wokalamba amene sankadziwa ngati nazaleyo ikhalapo zaka zitatu zikubwerazi. Ndipo chida chimene Marlys anagwiritsa ntchito chinali kuona mtima kwake komwe ankadzitama nako. Anachita manyazi kwambiri, manyazi a munthu wamkulu, opanda womuona.

Lachitatu m'mawa anayambanso. Analemba kuti Duane sanajombepo ntchito, kenako anafufuta, poti sankadziwa ngati n'zoonadi. Ankangokumbuka kuti nthawi zonse analipo, monga mmene munthu amakumbukira kuti khomo lili ndi chitseko. Ndipo Marlys sakanasaina chinthu chongokumbukira.

Apa m'pamene anakumbukira makadi. Arne ndiye anayambitsa mwambowu: pakhomo la nyumba yagalasi iliyonse ankakhoma khadi la mwezi, ndipo wantchito ankalembapo ndi pensulo kutentha kwa m'katimo, m'mawa pofika ndi madzulo poweruka, n'kuika zilembo zoyamba za dzina lake. Kuchipinda cha boyila kunalinso khadi lake. Brandt ankawaseka makadiwo, ati ndi za makedzana, ndipo anawasiya. Koma Duane sankataya kanthu. Mwezi ukatha ankachotsa khadi, n'kuliika m'katoni ya nsapato pashelefu ya kuchipinda cha boyila.

Marlys anatsika masitepe aja, bondo likumupweteka pa sitepe iliyonse. Makatoni anali khumi ndi imodzi, iliyonse yolembedwa chaka chake. Anakoka ndowa, kuivundikira, kukhalapo, n'kuyamba kuwerenga.

Panalibe chosangalatsa m'makadimo. Manambala okhaokha a madigiri a Fahrenheit, muyezo wa ku America, 58, 60, 57, 61, ndi zilembo ziwiri, D.K., zopendekera kumanzere. Panalibe ndemanga, panalibe nzeru zatsopano. Mwa apo ndi apo ankalemba m'mphepete kuti "paipi ikudontha, ndauza Arne," ndipo tsiku lotsatira, "ikudonthabe." Marlys anaseka yekha. Ameneyo ndiye anali Duane weniweni: sakanaikonza paipiyo asanauzidwe, komanso sakanasiya kuinena mpaka wina atatopa.

Anayamba kufufuza masiku a ntchito amene D.K. sankaoneka, kupatula tchuthi chake cha mlungu umodzi mu August, chimene ankapita kukawedza nsomba osagwira kanthu. Ntchitoyi inamutengera m'mawa wonse. Anapeza masiku anayi. Awiri anali a maliro a bambo ake a Duane. Limodzi linali lija anakachotsa dzino n'kubwera mawa lake tsaya lili ngati waika mbatata m'kamwa. Tsiku lotsalalo linamuvuta, mpaka anakumbukira chimphepo cha chipale chimene chinatseka misewu yonse. Khadi la tsikulo linali lopanda kanthu m'mawa, koma panali mzere wowonjezera wa 12:40 masana. Anabwera pa kanjinga koyenda pachipale kobwereka kwa mlamu wake. Marlys anaganiza kuti tsiku limenelo silingawerengedwe lonse, ndipo analemba pakapepala: masiku atatu ndi theka.

Kenako anafika pa January wa chaka chimene Arne anamwalira. Mwezi umenewo Marlys sankaukumbuka bwino. Ankakumbuka chipatala cha ku Duluth, mipando yake yolimba, kenako nyumba yodzaza anthu ndi mbale za chakudya chimene sankatha kudya. Lamlungu silinali tsiku la Duane. Lamlungu makadi ankalemba Arne, ndipo Arne akadwala ankalemba Marlys. Koma pa Lamlungu zisanu zotsatizana panali D.K., m'mawa ndi madzulo, m'nyumba zonse zisanu ndi paboyila. Palibe anamutuma. Marlys anali asanadzifunsepo kuti mbewu zake zinapulumuka bwanji mwezi wozizira koposa uja, mwini wake atakhala m'khichini akuyang'ana khoma.

Anabweza makadiwo m'katoni yake. Ankamukonda munthu uyu, anazindikira tero, monga umakondera m'bale wako wosalankhula amene umamuiwala pomuitanira anthu kuphwando. Akuluakulu anati chitsime chimadziwika kuya chikaphwa. Iye chitsime chake sichinaphwe chokha, anachita kuchikwirira ndi manja ake.

Kalata yachiwiri inamutengera masana onse. Analemba kuti anali bwana wa Duane zaka khumi ndi chimodzi, anatchula mwezi umene anayamba ndi umene anasiya, ndi ntchito zimene ankagwira. Analemba kuti ali ndi chiphaso cha boyila ndipo anayang'anira boyila ya nazaleyo nyengo zozizira khumi ndi imodzi popanda mbewu kufa ndi chisanu ngakhale kamodzi. Analemba za masiku atatu ndi theka, n'kuwonjeza kuti wawawerenga yekha m'makadi ndipo aliyense wokayika abwere adzawerenge. Analemba za Lamlungu zisanu zija m'mizere iwiri, osakometsera. Kenako analemba ndime ina:

"Duane si wachangu, ndipo si munthu wobwera ndi maganizo atsopano. Mukafuna kuti achite chinthu, mumuuze momveka. Mukamuuza kamodzi, adzachichita tsiku lililonse mpaka mutamuletsa, kaya mukumuona kaya ayi. Sanachoke pano chifukwa cha cholakwa chilichonse. Ndinachepetsa antchito, ndinayenera kusankha, ndipo ndinasankha molakwika."

Pansi anaika nambala yake ya foni n'kusaina ndi cholembera cha Arne.

Kirsten ataiona Lachinayi anati ndime yonena za kuchedwa ikanatha kuchoka, poti palibe lamulo lokakamiza munthu kutchula zofooka m'kalata ya umboni. Marlys anakana. Anati akachotsa ndimeyo, zina zonsezo zidzamveka ngati nyimbo imene aliyense amaimba. Kirsten anawerenganso mwakachetechete, n'kunena kuti isiyeni momwemo. Anawonjeza kuti pa zaka zake zonse mu ofesi anali asanaonepo bwana akulemba theka la tsiku. Anaisindikiza papepala la dzina la nazale, ndipo Lachisanu m'mawa Marlys anakaisiya yekha ku ofesi ya sukulu, kope lina n'kuliponya m'bokosi la makalata kwa Duane.

Fomu ija inabwera mlungu wotsatira. Inali ndi mizere isanu ndi umodzi, uliwonse ndi timabokosi tisanu, kuyambira "wolephera" mpaka "wapamwamba zedi." Pa kupezeka pantchito Marlys anachonga bokosi lapamwamba, ndipo anadandaula kuti panalibe lina pamwamba pake. Pa kukhulupirika, chimodzimodzi. Pa kugwirizana ndi anzake anachonga "woposa ambiri." Pa ubwino wa ntchito, pa liwiro, ndi pa kuyamba zinthu payekha, dzanja lake linazungulira kanthawi, kenako anachonga "wapakatikati" katatu konse. Funso loti ngati pali chifukwa chilichonse chomuletsa kugwira ntchito pafupi ndi ana analiyankha ndi liwu limodzi: ayi. Atatumiza, anayamba kukayika. Bwanji ngati Kirsten ananena zoona, kuti anthu a masiku ano akaona "wapakatikati" amaona "wolephera"? Masiku atatu anadya mosakoma.

Foni inalira Lachisanu masana, manja a Marlys ali dothi lokhalokha. Anali Mayi Pakou Vang, amene ankayang'anira nyumba za sukulu zonse za m'deralo. Anapempha mphindi zisanu. Anatsimikiza masiku, anafunsa za boyila, kukula kwake ndi ngati Duane ankalemba kaundula wake tsiku ndi tsiku. Kenako anati pa mafomu onse amene analandira, a anthu asanu ndi atatu, ya Marlys yokha ndi imene inali ndi bokosi lapakati lochongedwa. Ena onse anali apamwamba zedi pa chilichonse.

"Ndiye muli ndi mwayi," anatero Marlys. "Tauni yathu yadzaza akatswiri."

Mayi Vang anaseka. Anati munthu amene anali pantchitoyo poyamba anali ndi makalata okongola kwambiri, ndipo kawiri mu December aphunzitsi anapeza zitseko zokhoma, ana ataima panja pozizira. Anafunsa kuti kuchedwa kwa Duane n'kotani kwenikweni. Marlys anayankha kuti ngati akufuna holo ikolopedwe m'mphindi makumi awiri, Duane adzatenga makumi atatu, koma adzakolopa ndi kuseri kwa chitseko komwe, ndipo mawa lake adzateronso.

"Funso lomaliza, Mayi Tollefson, limene timafunsa aliyense. Mutakhala ndi malo, kodi mungamulembenso ntchito?"

Marlys anayang'ana masitepe opita kuboyila. Anayang'ana mathireyi a tomato amene anali atayamba kumera, mazana angapo, onse odikira manja.

"Malo ndili nawo," anatero. "Ndakhala nawo kuyambira Khirisimasi. Ndingamulembe mawa m'mawa. Koma kwa inu kuli bwino kuposa kuno, ndiye mutengeni msanga, ndisanasinthe maganizo."

Anamva cholembera chikuyenda papepala kumbali inayo. Mayi Vang anathokoza, n'kunena kuti patsala kufufuza mbiri yake kupolisi monga amachitira ndi aliyense wogwira ntchito pasukulu, ndipo komiti ikumana mlungu wamawa. Marlys ataika foni pansi anapeza kuti yadzola dothi mbali yonse.

Panapita milungu iwiri. Loweruka lina m'mawa Marlys anamva nsapato zikupukutidwa pakhomo, kawiri kumanja, kawiri kumanzere. Duane anali ndi kabokosi ka madonasi, a mtundu umodzi onse, opanda chodzola pamwamba. Anati amuitana, ayamba Lolemba, 6 koloko m'mawa. Anati Lorna wapereka moni ndipo walira pang'ono.

Marlys anathira khofi m'makapu awiri ndipo anakhala pabenchi pakati pa mbande. Duane anatulutsa kope lake la kalata ija, lopindidwa kanayi, lakuda m'mapindiro chifukwa chogwiridwagwiridwa.

"Munalemba kuti ndine wochedwa," anatero.

"Ndinanama?"

"Ayi. Lorna akuti munandichepetserako." Anaipindanso. "Koma apa palakwika. Tsiku la dzino lija ndinabwera madzulo kudzatseka mawindo. Pensulo ndi imene ndinaisowa."

"Ndiye ndi masiku atatu."

"Atatu."

"Ukanandiuza ndisanasaine, munthu iwe."

Anamwa khofi. Kunja madzi ankadontha padenga lagalasi, chipale chitayamba kusungunuka. Duane anafunsa ngati wapezeka womuthandiza, ndipo Marlys anati Kirsten waika chilengezo, abwera anthu awiri Lachiwiri kudzaonana naye. Duane anazunguza chipewa chake m'manja kangapo. Anali munthu wosayamba nkhani, choncho mawu otsatirawa anatuluka movutikira.

"Mukanangondiimbira mu January muja, ndikanabwera. Kusukuluko sindikanalembera n'komwe."

"Ndikudziwa," anatero Marlys. "Poyamba sindinaimbe chifukwa cha manyazi. Utabwera ndi pepala lako lija, ndinasiya dala, kuti ntchito yakusukuluyo isakudutse."

Duane anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wapatsidwa malangizo omveka. Anamaliza khofi wake, n'kukatsuka kapuyo pampopi wothirira mbewu, monga ankachitira kale, ngakhale Marlys anamuletsa zaka khumi ndi chimodzi.

Pakhomo anaima. Pamsomali wa Arne panali khadi latsopano la March, limene Marlys anakhoma yekha atawerenga makatoni aja. Linali ndi mipata yambiri, chifukwa ankaiwala. Duane anayang'ana kachipangizo koyezera kutentha, anachotsa pensulo m'thumba la malaya, n'kulemba 61. Anayamba kulemba D, kenako anaima, n'kufufuta ndi chala. Anamangirira pensuloyo kumsomali ndi kachingwe ka tomato kuti isasowe.

"Madzulo mulembe nokha," anatero. "Musaiwale Lamlungu."

Marlys anamuyang'ana akudutsa pabwalo ndi kayendedwe kake kosafulumira, mpaka anakhota pageti lopindika lija. Kenako anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja, n'kudzipaka dothi patsaya, ndipo anatenga pensulo n'kuika zilembo zake pafupi ndi nambala ya Duane.